Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Ntchito za Ophunzira Uinjiniya



Pa ntchito zonse zomwe ndaona, ndilankhulapo za imodzi: nsanja yachitsulo ya mamita 6 yonyamula thanki ya malita 5,000. Ophunzira omwe aikonza andilola kuti ndiwafunse pagulu, monga amachitira akatswiri akamaunika pulani isanavomerezedwe.

Masamu awo ndi olondola. Madziwo akulemera makilogalamu 5,000, thanki ndi phaka lake 600, ndiye pa miyendo inayi uliwonse ukusenza 1,400. Apeza kuti mwendo ungapindike pa makilogalamu 4,200, choncho alemba kuti nsanjayi ndi yolimba katatu kuposa katundu wake.

Funso langa kwa inu okonza nsanjayi ndi lakuti, katatu ameneyu watsamira pa chiyani? Mwaganiza kuti miyendo yonse igawana katundu mofanana. Zimenezo n'zoona dothi likakhala louma. Ife tinaona mmene nthaka inafewera ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Maziko amodzi akangotitimira pang'ono, nsanja imachita ngati tebulo logwedera: katundu amatsalira miyendo iwiri yoyang'anizana pangodya. Uliwonse wasenza 2,800, ndipo katatu uja wasanduka kamodzi ndi theka.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi zitsulo zopingasa zomwe zagwira miyendo pa mamita atatu. Mwendo wautali ndi wowonda sudikira kuti chitsulo chake chiphwanyike, umayamba wapindika. Ndipo mukawonjezera kawiri kutalika kwa gawo losagwiridwa, mphamvu yake siitsika ndi theka ayi, imatsika kanayi. Wowotcherera akasiya zopingasazo poti chitsulo chatha, kapena akazimasula usiku aja ogulitsa zitsulo zakale, 4,200 uja amakhala 1,050. Katundu ndi 1,400. Thanki ikangodzaza, nsanja yagwa. Nanga pa pulani yanu mwalembapo kuti zitsulo zimenezi zisachotsedwe?

Musaone ngati ndikukokomeza. Mu 1981, ku hotela ya Hyatt Regency mumzinda wa Kansas City ku America, makonde olendewera anagwa n'kupha anthu 114. Pomanga anasintha kamangidwe ka ndodo zowanyamula, mfundo imodzi n'kusenza katundu wowirikiza, koma masamu osabwerezedwa bwino.

Za mphepo ndingokhudzako: muwerengenso thanki ilibe madzi, chifukwa pamenepo m'pamene mabawuti a pamaziko amazuka.

Lipoti lanu liuzenso wosamalira thankiyo zoti aziyang'ana: penti yosweka pamalo owotcherera, ming'alu pa konkire, ndi chingwe chomangirira mwala chosonyeza ngati mwendo wayamba kupendekeka. Aphunzitsi, ndikupempha kuti muwapatse mwayi wokonza tsamba limenelo musanawapatse malikisi.

Ndi mawu amenewa, ndikutsegulira chionetsero chino.