Kasitomala muli naye kale: mungamulembere bwanji imelo yoti agule zambiri?

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu, gawo la zamalonda

Ndiyambe ndi funso: ndani muno analandirapo uthenga wa Google woti malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza? Manja ndawaona. Google imapatsa aliyense 15 GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos. Uthenga woti mugule malo ena umabwera malowo akayamba kuchepa, moti mumauwerenga chifukwa ukunena za vuto lanu lenileni. Ndi nzeru imeneyi imene ndikufuna tiione lero.

Tiyerekeze kuti muli ndi kabizinesi kotumizira makasitomala mauthenga ambirimbiri a pafoni. Phukusi laling'ono ndi mauthenga 1,000 pamwezi pa K20,000, lalikulu ndi mauthenga 2,000 pa K32,000. Sukulu ina yoyima payokha ili pa laling'onolo.

Musanalembe kalikonse, tsegulani kaye kaundula wanu. Mukupeza kuti mauthenga a sukuluyi anatha pa 22 Januwale, pa 20 Febuluwale komanso pa 23 Malichi. Ndiye kuti mwezi uliwonse amakhala sabata yathunthu osatha kutumiza kanthu, pomwe kumapeto kwa mwezi ndi pamene makolo ambiri amalandira malipiro ndipo sukulu imafuna kuwakumbutsa za fizi. Apa ndiye pali nkhani yolembera imelo. Koma onetsetsani: akanakhala kuti anatha mwezi umodzi wokha, mwina kunali kutsegulira teremu chabe. Dikirani zibwerezeke katatu.

Imeloyo ikhale yaifupi, mwachitsanzo chonchi. Mutu wake: "Mauthenga anu akumatha pasanafike pa 24". Kenako:

"Okondedwa a Hedi, taona kuti miyezi itatu yapitayi mauthenga anu 1,000 akhala akutha pa 22, pa 20 ndi pa 23. Pa liwiro limeneli, mwezi wonse mukufunika mauthenga pafupifupi 1,500. Phukusi la 2,000 ndi K32,000, kutanthauza K12,000 yowonjezera pamwezi. Nthawi ya holide mutha kubwerera pa laling'ono popanda chindapusa. Ngati mwagwirizana nazo, ingoyankhani kuti 'inde', tisintha pa 1 mwezi wamawa."

Mwaona mmene yayalidwira? Yayamba ndi zimene iwo akuchita, osati ndi katundu wanu. Nambala ya 1,500 sinangochokera kumutu: mauthenga 1,000 pa masiku 20 ndi 50 patsiku, kuchulukitsa ndi masiku 30, ndi 1,500. Ndalama yowonjezera yatchulidwa poyera, ndipo pempho ndi limodzi lokha.

Pali chiyeso china apa. Mudzafuna kulemba kuti uthenga umodzi utsika mtengo kuchoka pa K20 kufika pa K16. Zimenezo n'zoona pokhapokha atatumiza onse 2,000. Akatumiza 1,500, uliwonse ukuwadyera K21 ndi kakuti. Wosunga chuma wa sukulu akangogwira kakyuleta adzaona yekha, ndipo basi, sadzakukhulupiriraninso. Choncho musawalonjeze kutchipa. Chimene mukuwagulitsa ndi sabata yomaliza ija.

Nanga zimalakwika pati? Choyamba, kulembera munthu amene si iye. Amene amatumiza mauthenga mwina ndi mlembi, koma wosaina ndalama ndi a Hedi kapena mwini sukulu. Lemberani wosainayo, mlembi mumupatseko kope. Chachiwiri, nthawi. Ngati dzana anadandaula kuti mauthenga sakufika ndipo simunakonze, imelo yopempha ndalama zina ili ngati chipongwe. Konzani kaye, ndipo imeloyo itumizeni tsiku lotsatira mauthenga atangowathera. Chachitatu, tchulani kuchuluka kwa mauthenga ndi madeti basi. Mukangoti "taona kuti mumakumbutsa makolo za ngongole", adzadziwa kuti mumawerenga mauthenga awo, ndipo adzakuthawani.

Mudziwa bwanji kuti yagwira? Musadalire nambala ya anthu amene atsegula imelo. Kuyambira 2021, pulogalamu ya Mail ya Apple imatha kuonetsa ngati imelo yatsegulidwa pomwe mwini wake sanaione n'komwe. Werengani amene ayankha ndi amene asintha phukusi. Akakhala chete, akumbutseni kamodzi pakatha sabata, kenako asiyeni.

Ndipo akavomera, ntchito sinathe. Pakatha miyezi iwiri, bwererani ku kaundula. Ngati akutumiza 1,400 kapena 1,600, munawauza zoona. Ngati akungothera pa 900, alembereni nokha kuti abwerere pa laling'ono. Mutaya K12,000 pamwezi, koma K20,000 ija idzabwerabe mwezi ndi mwezi.

Pa msonkhano wamawa, aliyense amene ali ndi geni abwere ndi kaundula wa kasitomala mmodzi wa miyezi itatu, dzina mutafufuta, tidzalembere limodzi imelo yake.