Masheya Si Amodzi: Pali Wamba, Pali Otsogola

Amene simunabwere Loweruka, mawu anga ndi awa.

Tsiku lina munthu adzakuuzani kuti, "Ikani ndalama m'kampani yathu, tikupatsani masheya." Musanatulutse ngakhale tambala, funso loyamba likhale lakuti: masheya amtundu wanji? Chifukwa anthu awiri akhoza kuika ndalama zofanana m'kampani imodzi, koma ufulu wawo n'kukhala wosiyana kwambiri.

Mpamba wa kampani umagawidwa m'tizigawo tofanana, ndipo kagawo kamodzi ndiye sheya. Mitundu ikuluikulu ilipo iwiri. Pali masheya wamba, ngati amene anthu amagula pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, a makampani monga Illovo kapena TNM. Ndiye pali masheya otsogola, amene m'mabuku a bizinesi amawatchula kuti a purifarensi.

Tiyerekeze kuti tatsegula kampani ya chigayo ndi mpamba wa K10 miliyoni. Sheya iliyonse tagulitsa pa K1,000. Masheya 8,000 ndi wamba, ndiye kuti K8 miliyoni. Masheya 2,000 ndi otsogola, K2 miliyoni, ndipo tawalonjeza 10 peresenti pachaka. Ndiye kuti a otsogola onse pamodzi gawo lawo ndi K200,000, kapena kuti K100 pa sheya.

Chaka choyamba chigayo chayenda bwino, phindu logawana lakwana K2,600,000. Oyamba kulandira ndi a otsogola, K200,000 yawo ija, basi. Yotsalayo, K2,400,000, ndi ya a wamba, ndipo mukaigawa pa masheya 8,000 ikupereka K300 pa sheya. Mwaona? Wotsogola walandira poyamba koma wapeza K100, wawamba wadikira koma wapeza K300.

Chaka chachiwiri mvula yavuta, anthu alibe chimanga chogayitsa, phindu palibe. Aliyense wabwerera chimanjamanja, ngakhale wotsogola. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Sheya yotsogola si ngongole ayi. Banki ikakongoza kampani, chiwongoladzanja imachifuna kaya phindu lilipo kaya palibe. Koma mwini sheya amalandira pokhapokha phindu lilipo ndipo kampani yalengeza kuti igawa.

Nanga K200,000 ya chaka choipacho yapita? Zimatengera zimene zinalembedwa. Masheya otsogola ena ndi ounjikiza, ena ayi. Tinene kuti chaka chachitatu phindu logawana ndi K1,000,000. Ngati ali ounjikiza, a otsogola atenga K400,000, ya chaka chino ndi ya chaka chatha, ndipo a wamba atsala ndi K600,000, yomwe ndi K75 pa sheya. Ngati sali ounjikiza, chaka chija chapita basi: a otsogola atenga K200,000 yokha, a wamba K800,000, K100 pa sheya. Mawu amodzi papepala asuntha K200,000 yathunthu.

Tsopano tinene kuti zavuta, kampani yatsekedwa. Tagulitsa makina ndi nyumba, tapeza K6 miliyoni. Oyamba kulipidwa si eni masheya, koma amene kampani ili nawo ngongole. Tinene kuti atenga K3 miliyoni. Pa yotsalayo, a otsogola abwezeredwa K2 miliyoni yawo yonse, ngati pangano linawapatsa ufulu umenewo. A wamba agawana K1 miliyoni, ndiye kuti K125 pa sheya imene anagula K1,000. Katundu akanagulitsidwa K5 miliyoni yokha, a wamba sakanapeza kanthu.

Mwina mukuti, "Ndiye bola otsogola." Dikirani kaye. Wotsogola amagula chitetezo chimenechi ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi mawu. Pamsonkhano waukulu wapachaka, a wamba ndi amene amavota, nthawi zambiri voti imodzi pa sheya iliyonse, ndipo ndi iwo amasankha oyendetsa kampani. A otsogola kawirikawiri savota, kupatula pa nkhani yokhudza ufulu wawo, kapena ngati pangano likuti azivota akakhala nthawi osalandira gawo lawo. Chachiwiri, K100 ija simakula. Inu mukudziwa mmene mitengo imakwerera kuno. Patatha zaka zisanu, K100 yomweyo idzagula zochepa, pomwe gawo la wawamba lingakule limodzi ndi bizinesi.

Nanga kampani imagawiranji mpamba chonchi? Eni chigayo akufuna ndalama zowonjezera, koma safuna kutaya ulamuliro, komanso safuna ngongole yowapanikiza mwezi ndi mwezi. Masheya otsogola amawapatsa zonse ziwiri.

Ndiye munthu uja akadzabwera, musakhutire ndi zapakamwa. Pemphani malamulo a kampaniyo ndi pangano la masheyawo, mufufuzemo zinthu zinayi: Ndilandira zingati, ndipo pambuyo pa ndani? Chaka chikadumpha, ziunjikana? Ndili ndi voti? Kampani ikatsekedwa, ndili pati pamzere? Akakana kukuonetsani mapepala amenewa, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Amene muli ndi mafunso, tidzakambirane Loweruka likubwerali.