Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsekera Maphunziro a Olemba Mabuku a Ndalama



Ntchito imene ophunzirawa akukayamba ndi yolemba mabuku a ndalama, kutanthauza kulemba mwadongosolo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka pa bizinesi, katundu woodedwa ndi wotsala, komanso ngongole, kuti mwini bizinesiyo adziwe ngati akupindula kapena akudya mpamba. Ambiri mwa iwo sadzalembedwa ntchito m'makampani akuluakulu, ndipo adzayenera kudzipezera okha makasitomala pakati pa eni magolosale, maokala ndi mashopu a hadiweya. Imodzi mwa njira zimene achinyamata akuthamangira ndi LinkedIn, malo a pa intaneti amene anayamba mu 2003 ndipo anagulidwa ndi kampani ya Microsoft mu 2016, kumene anthu amadziwana chifukwa cha ntchito zawo osati chifukwa cha chibale kapena macheza.

Choyamba chofunika kuchivomereza n'chakuti mwini golosale wa ku Ndirande kapena ku Mchesi kawirikawiri sapezeka pa LinkedIn, popeza bandulo yake imathera pa WhatsApp ndi Facebook, kumene amafunsa mitengo ndi kulankhula ndi makasitomala. Wolemba mabuku amene amalemba uthenga wotsatsa malonda n'kumadikira kuti eni mashopu amuimbira foni adzadikira nthawi yaitali. Amene amapezeka pa LinkedIn ndi anthu amene mwini shopu amawamvera: ogwira ntchito yobwereketsa ndalama m'mabanki ndi m'ma SACCO, amene ndi magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, oimira makampani operekera katundu m'mashopu, ndiponso aphunzitsi a mabizinesi ang'onoang'ono. Wogwira ntchito ku banki akabweza pempho la ngongole chifukwa wopemphayo alibe mabuku, amafunsidwa nthawi yomweyo kuti angathandize ndani, ndipo dzina limene adzalitchule pamenepo ndi limene wolemba mabuku ayenera kuligwirira ntchito. Choncho LinkedIn ndi yodziwitsira anthu otumiza makasitomala, pamene kukambirana ndi kasitomala weniweniyo kumachitika pa foni kapena pakauntala ya shopu yake.

Mzere umene umaoneka pansi pa dzina pa LinkedIn, wotchedwa Headline, ambiri amaudzaza ndi mayina a masatifiketi, chikhalirecho wowerenga akufuna kudziwa zinthu zitatu zokha, zomwe ndi ntchito imene munthuyo amagwira, amene amawagwirira, ndi dera limene amafikako. Mzere wonena kuti munthuyo amalemba mabuku a magolosale ndi mahadiweya a ku Limbe ndi Bangwe, ndipo amafika pashopu kamodzi pa mlungu, umakumbukika kusiyana ndi mndandanda wa zilembo. Gawo la Recommendations, limene anthu ena amalembamo umboni wa ntchito ya munthu, ndi lolemera kuposa mawu onse odziyamikira, ndipo ndi bwino kulipempha kwa amene anaiona ntchitoyo ndi maso awo.

Chimene chimakopa kwambiri ndi chitsanzo chowerengedwa mpaka kumapeto m'mawu amene mwini shopu amawadziwa. Pangoyerekezedwa golosale imene inayamba mwezi ndi katundu wa K1,200,000, n'kuoda wina wa K3,000,000 m'kati mwa mweziwo, ndipo powerenga mashelefu pa tsiku lomaliza papezeka katundu wa K1,100,000 pa mtengo woodera. Katundu amene watuluka ndi wa K3,100,000, ndipo ngati zogulitsa zonse zinakwana K3,600,000, kusiyana kwake ndi K500,000, ndalama imene eni mashopu ambiri amaitenga ngati phindu lawo. Koma pakachotsedwa lendi ya K120,000, malipiro a wogulitsa a K130,000, magetsi a K30,000 ndi thiransipoti ya K70,000, phindu lenileni limatsala K150,000. Tsono ngati mwiniyo wakhala akutapa m'kabati ndalama ya ndiwo, ya fizi ndi ya zipepeso, zimene zonse pamodzi zakwana K200,000 osalembedwa paliponse, ndiye kuti wadya K50,000 ya mpamba m'mwezi umene shopu inkaoneka yodzaza ndi anthu. Pamwamba pa izi, ngati K90,000 ya zogulitsazo ili m'kope la ngongole, ndalama yokaodera mwezi wotsatira idzaperewera kwambiri, ndipo mwiniyo adzayamba kukayikira wantchito wake, amene mwina sanabe kanthu.

Uthenga wotere, wolembedwa mwachidule ndi manambala ake, ndi umene wogwira ntchito ku banki angaukopere n'kuutumiza pa WhatsApp kwa kasitomala wake, makamaka ukakhala m'Chichewa. Chitsanzo chomwechi chikuphunzitsanso za mtengo, pakuti shopu yopindula K150,000 pa mwezi singalipire K100,000 kwa wolemba mabuku, ndipo amene akufuna makasitomala otere ayenera kutchula poyera mtengo wa pa mwezi pamodzi ndi zimene mtengowo ukuphatikiza, monga kuwerenga katundu, kufananitsa kope la zogulitsa ndi mauthenga a Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndi kupereka pepala limodzi losonyeza phindu. Mwini shopu amene sanauzidwe mtengo amangoganiza kuti ntchitoyo ndi ya anthu olemera, ndipo safunsa n'komwe.

Pali malire awiri amene sayenera kudumphidwa. Manambala a kasitomala ndi chinsinsi chake, kotero kujambula kope lake, malisiti ake kapena chikwangwani cha shopu yake n'kuziika pa intaneti popanda chilolezo n'kuphwanya chikhulupiriro, ndipo m'tauni yaing'ono ngakhale kubisa dzina sikukwanira ngati dera ndi mtundu wa malonda zatchulidwa. N'chifukwa chake chitsanzo chiyenera kukhala chongoyerekeza, ndipo zinenedwe kuti n'chongoyerekeza. Malire achiwiri ndi a udindo: ntchito ya akawuntanti m'dziko muno ili ndi mabungwe oiyang'anira, a Malawi Accountants Board ndi ICAM, ndipo wolemba mabuku asadzipatse udindo umene sanaulembetsere, kapena kulonjeza kuti adzachita oditi, imene ndi kufufuza ndi kutsimikizira mabuku mwalamulo. Choipa kwambiri ndi kulonjeza kuti kasitomala adzazemba msonkho wa MRA, chifukwa lonjezo lotero limathawitsa anthu a ku banki omwe aja amene amafunika kuti atumize makasitomala.

Kudziwa ngati khama likubala zipatso n'kosavuta. Uthenga ukhoza kuyamikiridwa ndi anthu ambiri, koma ngati onsewo ndi anzake a m'kalasi ndi olemba mabuku anzake, ndiye kuti walankhula kwa anthu osagula. Kasitomala aliyense watsopano afunsidwe kuti anamva kwa ndani, yankho lake lilembedwe, ndipo pakatha miyezi itatu kudzaoneka poyera ngati nthawi ndi bandulo zikupita pamalo oyenera.

Pempho kwa amene alandira masatifiketi lero ndi lakuti mlungu uno usanathe aliyense akonze mzere wa pansi pa dzina lake, alembe chitsanzo chimodzi chowerengedwa bwino, ndipo adziwane ndi ogwira ntchito yobwereketsa ndalama a m'dera lake. Pempho kwa mabanki ndi ma SACCO ndi lakuti wopempha ngongole wopanda mabuku asamangobwezedwa, koma azilozeredwa kwa achinyamatawa.