Bala lakuya: tisoketse kukiliniki kapena titseke tokha kunyumba?

 Ine si namwino. Ndine wodzipereka pa zaumoyo muno m'kampu ya Tongogara, ndipo zimene ndikambe lero ndinaziphunzira kwa anamwino athu, zina ndinaziona ndi maso pa chala cha msuweni wanga.

Ndisanabwere kuno ndinkakhala kwa amalume ku Unit D, ku Seke, m'tauni ya Chitungwiza. Tsiku lina Loweruka mu 2017 tinkafolera kachipinda kuseri kwa nyumba. Ine ndinali pamwamba, msuweni wanga pansi akundipatsira malata. Lata limodzi linandipulumuka, iye n'kuligwira likutsetsereka, ndipo linamucheka zala ziwiri za dzanja lamanja, mbali ya chikhatho. Magazi anatuluka ambiri. Tinamanga ndi chitenje, patapita kanthawi analeka. Bala lake silinali lalitali, mwina ngati njere ya chimanga. Amalume anati, “Mwana wamwamuna sapita kuchipatala ndi kabala aka.” Ndalama ya kombi ndi ya khadi inalinso yovuta sabata imeneyo. Wina wapafupi anabwera ndi mafuta a mabuleki a galimoto, tinathira, tinamanga, basi.

Khungu linapola bwino. Koma titamasula nsanza tinaona kuti nsonga ya chala cha mkombaphala sikupinda. Akafumbata dzanja, zala zina zonse zimapinda, icho chili njo. Tinkati ndi kutupa chabe. Tinakafika ku Chitungwiza Central patatha milungu 6, ndipo dokotala anatifotokozera kuti lata linadula mtsempha umene umakoka chala. Mtsempha umenewu uli ngati chingwe chomangika ku mnofu wa pamkono. Ukaduka, mnofu umaukokera m'mwamba, ndipo masiku akamapita umafupika n'kumatirira komweko. M'masiku oyambirira amatha kuulumikiza. Pa milungu 6 pamafunika opaleshoni yaikulu imene ife sitikanaikwanitsa. Mpaka lero munthu uja amagwira chipande cha simenti ndi zala zinayi.

Tinalakwa pati? Tinayang'ana magazi okha. Magazi atasiya tinati nkhani yatha, pamene kusiya kwa magazi ndi funso loyamba chabe.

Tiyambe ndi magaziwo. Munthu akadzicheka, tengani nsalu yoyera, ikani pabala, panikizani mwamphamvu ndi dzanja, ndipo kwezani mkono kapena mwendowo. Gwirani mphindi 10 zathunthu. Yang'anani nthawi pafoni, chifukwa munthu akamaona magazi mphindi 2 zimakhala ngati 10. Musamasuzumire. Mukangotukula nsalu mumachotsa magazi amene ayamba kuundana, n'kuyambiranso. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba. Ngati patatha mphindi 10 kapena 15 magazi akutulukabe, kapena akutumphuka motsatira kugunda kwa mtima, musaganizenso zambiri. Nyamukani, wina akupanikizabe njira yonse.

Magazi akaleka, sambani m'manja ndi sopo, kenako tsukani balalo. Madzi akhale owiritsa n'kuziziritsa, kapena akumwa othira mankhwala aja. Akhale ambiri, lita yathunthu kapena kuposa, ndipo athiridwe mwamphamvu kuti mchenga ndi zinyalala zituluke. Botolo lapulasitiki loyera loboola kachibowo pachivindikiro limagwira bwino ntchitoyi. Sopo ndi wa khungu la m'mbali. M'kati musaikemo phulusa, dothi, ndowe, mankhwala otsukira mano, ufa wa batire, palafini, ngakhale mafuta a mabuleki athu aja. Zina zimapsereza mnofu umene ukufuna kupola, ndipo dothi ndi ndowe ndi mmene mumakhala tizilombo ta kafumbata.

Tsopano pitani poyera, pamene pali kuwala, muliyang'ane balalo bwinobwino. Musiye munthuyo akhazike mkono kapena mwendo osalimbitsa. Kodi milomo ya bala ikukhudzana yokha, kapena layasama ngati kamwa? Khungu lathu ndi lopyapyala, m'malo ambiri silipitirira mamilimita 2 kapena 3. Pansi pake pali mafuta achikasu, ooneka timibulu ngati mafuta a nkhuku. Mukaona chikasu chimenecho, khungu lonse ladukiratu. Mukaona mnofu wofiira bii, kapena kanthu koyera ngati ulusi wonyezimira, kapena fupa, bala lalowa kwambiri. Anamwino amati bala lakuya kuposa mamilimita 6, kapena lotalika kuposa masentimita 2 loyasama, ndi lofunika alione. Kwa ife opanda rula, 6 ndi pafupifupi kunenepa kwa pensulo, ndipo masentimita 2 ndi m'lifupi mwa chala chachikulu.

Koma kumbukirani kuti bala la msuweni wanga likanapambana mayeso a pensulo. Pa dzanja ndi pa phazi mitsempha ili pansi pa khungu penipeni, ndiye pamafunika mayeso ena, ndipo awa ndikufuna tiyesere limodzi pompano. Tambasulani dzanja lanu, chikhatho chiyang'ane kumwamba, mulisiye lipume. Mwaona zala zonse zapindika pang'ono zokha? Chala chimodzi chikakhala chowongoka pakati pa zinzake, kayikirani. Kenako gwirani chala chovulalacho pakati, munthuyo apinde nsonga yokha. Apindenso chala chonse, achiwongole, afumbate dzanja. Mukanikize pang'ono akamapinda, chifukwa mtsempha woduka theka umayendabe, koma umapweteka ndipo ulibe mphamvu. Pomaliza atsinzine, inu mumukhudze ndi udzu mbali zonse ziwiri za nsonga ya chala, n'kuyerekeza ndi chala chomwecho cha dzanja linalo. Akanena kuti mbali ina yachita dzanzi, mtsempha womvera wakhudzidwa. Chimodzi mwa izi chikalephereka, ngakhale bala lichepe bwanji, pitani tsiku lomwelo, ndipo mukanene kwa namwino kuti chala sichikupinda. Kusoka khungu kokha sikulumikiza zimene zaduka m'kati.

Malo a bala nawonso amaweruza. Pa bondo, pa chigongono ndi pa mfundo za zala, khungu limakokeka nthawi iliyonse munthu akasuntha, choncho pulasitala sagwira. Yesani kupinda pang'ono. Bala likatseguka, ndi la ulusi. Bala la pachikope, la pamlomo lodutsa malire a mlomo wofiira, ndi la kumaso loyasama, asoke odziwa, chifukwa likapola mokhota munthu amakhala nalo moyo wonse. La m'mutu limatulutsa magazi ochititsa mantha ngakhale lili laling'ono, koma tsitsi limakaniza pulasitala, ndipo ngati munthu anakomoka kapena akusanza, vuto si khungu lokha ayi. La pakhosi, pachifuwa ndi pamimba sitikambirana n'komwe.

Pali mabala ena amene ndimachita nawo mantha kuposa oyasama, ndiwo amene sayenera kutsekedwa kunyumba ngakhale atakhala osavuta kutseka. Kulumidwa ndi galu, mphaka kapena munthu. Msomali kapena minga yolowa kwambiri. Khasu kapena chikwanje chamatope kumunda. Mukatseka bala lotere mwatsekera tizilombo m'nyumba yofunda. Litsukeni, liphimbeni ndi nsalu yoyera osalikoka, mupite nalo. La galu tsukani ndi sopo ndi madzi mphindi 15 chifukwa cha chiwewe, ndipo mukafunse za katemera wake. Nthawi zambiri namwino salisoka tsiku lomwelo. Amalisiya lotseguka, mwina n'kudzalisoka patatha masiku 3 mpaka 5 akaona kuti layera. Musamunene kuti ndi waulesi. Amene muli ndi matenda a shuga, bala lililonse lakuya, makamaka la kuphazi, lionedwe kukiliniki.

Nthawi nayo ndi nkhani. Bala la pamkono kapena pamwendo limasokeka bwino m'maola 6 mpaka 8 oyamba. La kumaso, poti kumayenda magazi ambiri, amatha kulisoka mpaka maola 24. Ndiye mukadzicheka masana, musati “tiona mawa”. Koma ngati mwachedwa kale, pitanibe. Alitsuka, ayang'ana mitsempha, ndiponso pali jakisoni wa kafumbata. Ngati bala ndi lauve ndipo papita zaka zoposa 5 chibayitsire, kapena simukumbukira n'komwe, muyenera kubayitsa. Amayi ambiri anabayitsa ku sikelo ali oyembekezera. Abambo ambiri pano, tisanamizane, chibayitsire ndi paubwana.

Nanga lotseka kunyumba ndi liti? Mwezi watha mayi wina wa m'dera langa anadzicheka ndi mpeni akudula kabichi, pamkono kunja, kutali ndi mfundo. Tinapanikiza mphindi 10, magazi anasiya. Titatsuka tinaona bala lowongoka, losafika m'lifupi mwa chala chachikulu. Chikasu panalibe. Milomo yake inatseguka pang'ono, koma nditaikankha ndi zala ziwiri inakumana mosavuta. Zala zonse zinkapinda, dzanzi panalibe, ndipo khadi lake linaonetsa kuti anabayitsa kafumbata zaka 2 zapitazo. Limeneli tinatseka tokha.

Tinaumitsa khungu la m'mbali, chifukwa pulasitala samata ponyowa. Ndinadula timizere titatu ta pulasitala, kotalika masentimita 4 kalikonse, n'kucheka pakati mbali zonse kuti pochepa pakhale pamwamba pa bala. Kamzere koyamba kamapita pakati pa bala, mopingasa, osati motsatira utali wake. Mumamata mbali imodzi, n'kukoka khungu mpaka milomo ikhudzane osapiringizana, n'kumata mbali inayo. Tina tiwiri tinaika uku ndi uku, kusiya kampata kakang'ono pakati kuti madzi a m'bala azituluka. Pamwamba tinaika bandeji youma. Ndinawauza kuti mkonowo usanyowe, kuchapa asiyire ana, ndipo timizere tikhale masiku 5 mpaka 7. Guluu wogula pagolosale musaike. Amene amagwiritsa ntchito kuchipatala ndi wamtundu wina.

Ndinkapita kukawaona tsiku lililonse, chifukwa bala lotsekedwa limaulula zoona pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Ululu uyenera kumachepa. Ukamakula, ukamagunda ngati ng'oma usiku, chinachake chalakwika. Mabuku amati muyang'ane kufiira, koma pa khungu lathu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Ine ndimagwira ndi kuseri kwa dzanja kuti ndimve ngati pakutentha kuposa mkono winawo, ndi kuona ngati patupa n'kumanyezimira. Mafinya, fungo, mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche, kutentha thupi, zonsezi zikutanthauza kuti muchotse timizere tija mupite kukiliniki tsiku lomwelo. Nsagwada zikayamba kuuma kapena khosi kulimba, ngakhale patatha milungu iwiri bala litapola, ameneyo angakhale kafumbata, ndipo ndi nkhani yothamangira ngakhale pakati pa usiku.

Amene mwasokedwa, funsani tsiku lochotsa ulusi musanatuluke. Kumaso amachotsa patatha masiku ngati 5, pamkono ndi pamwendo 10 mpaka 14. Musachotse nokha ndi lumo.

Ndabweretsa pulasitala ndi sizasi. Mukhale awiriawiri, wina ajambule kamzere ndi bolopeni pamkono wa mnzake, tiyesere kumata. Agogo kumbuyoko, bwerani kutsogolo kuno muyambe ndinu.