Ndani Ayenera Kuona Kalata Yathu? Za Mizere ya Cc ndi Bcc

Mawu omwe adayankhulidwa pa msonkhano wa alembi ndi apampando a makomiti a chitukuko m'wodi yathu



Makalata ambiri ochokera m'makomiti mwanu tsopano akufika kukhonsolo pa imelo. Zolembedwa m'kati mwake kawirikawiri zimakhala zomveka. Chomwe chikuyambitsa kukayikirana ndi mizere itatu ya pamwamba, yomwe pafoni imalembedwa To, Cc ndi Bcc. Mukatsegula Gmail pafoni mumaona wa To wokha; inayo imabisala kuseri kwa kamuvi kakang'ono komwe kali pambali pake, ndipo imatuluka mukakadina.

Achikulire akukumbukira pepala la kaboni lomwe alembi ankaika pakati pa mapepala awiri pamakina otayipira, kuti kalata imodzi ituluke iwiri. Pansi pa kalatayo ankalemba mayina a onse olandira kope, kuti mwini kalata adziwe kuti wina ndani waiona. Mzere wa Cc ndi mwambo womwewo. Ndimakonda kuuyerekeza ndi bwalo la mfumu: wa mu To ndi yemwe tikumuyankhula ndipo ayenera kuyankha, a mu Cc ndi mboni zomwe zakhala poyera, aliyense akuziona. Wa mu Bcc amamva zonse koma wakhala kuseri kwa mpanda. Iye amaona mayina a mu To ndi mu Cc, pomwe iwo samuona.

Ndichenjeze pano kuti Cc si "kudzera kwa". Kalata yodzera kwa wapampando imayamba yaima patebulo pake, iye n'kuisayina, kenaka n'kupitirira. Kope la Cc limafika kwa onse nthawi imodzi. Mlembi asadzanene kuti wapampando adavomereza chifukwa chakuti adali mu Cc. Ngati nkhani ikufuna chilolezo chake, chipezeni kalata isanatumizidwe.

Tiyeni tiyerekeze nkhani imodzi, tiyende nayo mpaka kumapeto. Mjigo wa pasukulu womwe udakumbidwa miyezi inayi yapitayo wasiya kutulutsa madzi, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi yatuma mlembi wake kulembera khonsolo. Mu To mlembiyo aike munthu mmodzi, mkulu woona za madzi, chifukwa ndi iyeyo angatume amisiri kapena kuitana kontirakitala. Akaikamo anthu asanu, aliyense amaganiza kuti mnzake ayankha, ndipo sabata imatha kuli zii.

Nanga mu Cc? Pa dzina lililonse mlembi adzifunse kuti: munthu uyu akadzamva nkhaniyi kwa ena, adzadandaula moyenera kuti tidamudumpha? Wapampando wa komiti ya m'mudzi alowemo, poti kalata ikulembedwa m'dzina la komiti yake. Wapampando wa komiti ya chitukuko ya dera alowemo, poti nkhani za m'midzi zimakwera kudzera kwa iye. Akhansala alowemo, poti ndiwo adzafunsidwe pa msonkhano wa khonsolo. Mphunzitsi wamkulu naye n'koyenera, mjigowo uli pakhomo pake. Anthu anayi, basi.

Bwanamkubwa, aphungu ndi mtolankhani wa pawailesi asalowe m'kalata yoyamba. Sindikunena izi pofuna kuteteza ogwira ntchito kukhonsolo. Taganizani mmene mkulu wa za madzi uja aiwerengere. Asanaone n'komwe mawu akuti mjigo, waona dzina la bwana wake, ndipo wamva kuti mwamuneneza pa nkhani yomwe sadaimvepo. Yankho lake lidzakhala lodziteteza, lolembera bwanamkubwa osati inu: lidzatchula malamulo ndi masiku, koma silidzanena kuti amisiri abwera liti. Palinso kuluza kwina. Bwanamkubwa akamalandira kope la kalata iliyonse ya mjigo, ya chimbudzi, ya mlatho, amazolowera kusazitsegula, ndipo tsiku lomwe mudzamufunedi kalata yanu idzagona pamodzi ndi zinzake.

Tinene kuti padutsa masabata awiri popanda yankho. Apa mlembi ali ndi ufulu wonse wokweza nkhani, koma aikweze poyera. Abwerere ku kalata yoyamba ija, adine Reply All kuti tsiku lake lioneke pansi, aonjezere mkulu wa mapulani ndi chitukuko mu Cc, ndipo chiganizo choyamba chinene zomwe wachita: "Popeza sitinalandire yankho, taonjezera a mkulu wa mapulani ndi chitukuko kuti adziwe za nkhaniyi." Munthu akhoza kuwawidwa nazo, koma sanganene kuti mwamuchitira chiwembu. Adapatsidwa mpata wake, ndipo akuona ndi maso ake yemwe waitanidwa.

Tsopano tione njira ina, yomwe imakopa ambiri. Mlembi akufuna aphungu adziwe, koma sakufuna kuoneka wodumpha akhansala. Ndiye aika aphunguwo mu Bcc, kuwatsina khutu mwakachetechete. Kalata ija ikafika pafoni ya aphungu imaoneka ngati kalata ina iliyonse. Iwo ali pamsewu, aiwerenga mothamanga, adina Reply All n'kulemba kuti, "Ndaona, ndiwaimbira abwanamkubwa mawa." Yankho limenelo lipita kwa mlembi, kwa mkulu wa za madzi, kwa apampando onse awiri, kwa akhansala ndi kwa mphunzitsi wamkulu. Onsewa ayang'ana pamwamba pa kalata yoyamba, dzina la aphungu palibe, ndipo azindikira zomwe zidachitika.

Kuchokera tsiku limenelo funso la aliyense silikhalanso la mjigo. Akhansala akudzifunsa kuti ndi makalata angati am'mbuyomu omwe adali ndi womvetsera wobisika. Mkulu wa za madzi, yemwe kale ankatha kulemba mosabisa kuti galimoto lilibe mafuta sabata ino, ayamba kulemba mawu ouma a muofesi okhaokha. Choipa kwambiri n'chakuti mlembi alibe njira yapafupi yotsimikizira anzake kuti adachita kamodzi kokha, poti Bcc siisiya chizindikiro pa makope a olandira.

Ndipo chinsinsicho chikhoza kuululika ngakhale aphungu asayankhe. Kope lotsala mu Sent kwa wotumiza limaonetsa mayina a mu Bcc. Makomiti athu ambiri ali ndi adiresi imodzi yomwe wapampando, mlembi ndi msungichuma onse amaitsegula, ndipo mafoni timabwerekana. Yemwe atsegule Sent awerenga zonse.

Ngati mlembi akuonadi kuti aphungu ayenera kudziwa, njira zilipo ziwiri. Awaike mu Cc poyera, kapena atumize kalata kaye, kenaka adine Forward n'kuwatumizira paokha ndi mawu ofotokoza chifukwa chake. Akatero, yankho la aphungu limabwerera kwa iye yekha. Komabe Forward imangochotsa ngozi ya kudina molakwika. Mlembi akhale wokonzeka kuvomera pamaso pa komiti kuti adatumiza, akadzafunsidwa.

Inu amene mungalandire kalata yotere, muizindikira chonchi: yang'anani mu To ndi mu Cc, ndipo ngati adiresi yanu mulibe, mwina mwaikidwa mu Bcc. Musadine Reply All. Dziwaninso kuti enawo akamayankhana, mayankho awo sakufikani. Mwamva chiyambi chokha cha nkhani, choncho musaweruze nacho munthu.

Wina afunsa kuti, bwanji ngati nkhani ndi yoti ndalama za chitukuko zabedwa, ndipo wokayikiridwa ndi wapampando yemwe? Apo musamulembere iye n'kubisa akuluakulu mu Bcc. Lembani kalata ina payokha, yolunjika kwa oyenera kufufuza, kaya bwanamkubwa kaya bungwe lolimbana ndi ziphuphu, ndipo mu Cc musaikemo aliyense. Dandaulo lotere ndi lachinsinsi moyenera, ndipo kope lililonse loonjezera ndi khomo lina lomwe dzina lanu lingatulukire.

Pali malo amodzi pomwe Bcc ndi yofunika, ndipo kusaigwiritsa ntchito ndiko kulakwa. Ndi pamene mukulembera anthu ambiri osadziwana, omwe sadakupatseni chilolezo choonetsa maadiresi awo kwa ena. Mu 2015 chipatala china cha ku London, chotchedwa 56 Dean Street, chidatumiza kalata ya nkhani kwa anthu oposa 700 omwe adalembetsa kulandira uthenga wa chithandizo cha HIV. Wotumiza adaika maadiresi onse pamzere woonekera m'malo mwa Bcc. Maadiresi ambiri adali ndi mayina enieni a eni ake, motero aliyense adaona mayina a anzake, ena mwina a anthu owadziwa. M'chaka chotsatira bungwe loyendetsa chipatalacho lidalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 180,000. M'kalatamo munalibe mawu onena kuti wakuti akudwala. Mndandanda wa mayinawo ndi womwe udaulula.

Ife mindandanda yotere tili nayo: magulu a anthu omwa mankhwala otalikitsa moyo, mabanja a pa Mtukula Pakhomo, ofunsira ntchito omwe sadatengedwe, ochita malonda omwe apikisana pa ntchito ya khonsolo. Polembera anthu otere, ikani adiresi yanu yomwe mu To, onsewo mu Bcc, ndipo muyambe ndi mawu akuti, "Kalatayi yapita kwa onse a m'gulu, maadiresi tabisa dala." Apa palibe yemwe akunamizidwa. Aliyense akudziwa kuti pali ena, ndipo akudziwa chifukwa chomwe sakuwaonera. Kusiyana kwake ndi nkhani ya aphungu ija n'kumeneko: uku tikubisa mayina kuti titeteze eni ake, kuja tidabisa munthu kuti amvetsere anzake asakudziwa.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Woyankha amafika kwa wotumiza yekha, choncho siithandiza pa nkhani yofuna kukambirana. Mamembala khumi a komiti omwe akusankha tsiku la msonkhano aikidwe poyera, amadziwana kale ndipo ayenera kumvana.

Chomaliza ndi cha manja. Lembani kalata yonse kaye, muike zithunzi za mjigo, maadiresi mudzaze pamapeto, ndipo muwawerenge limodzi ndi limodzi musanadine Send, poti foni imakonda kumalizitsa dzina yokha n'kukupatsani Banda wina. Gmail imapereka timasekondi towerengeka todinira Undo kalata ikangochoka. Pakompyuta mukhoza kuikonza nthawiyi kuti ifike masekondi 30. Akadutsa amenewo, kalata yapita. Mukazindikira kuti mndandanda wachinsinsi watuluka poyera, dziwitsani wapampando ndi ofesi ya khonsolo tsiku lomwelo, ndipo kalata yopepesa ndi yopempha anthu kufufuta yoyambayo ipite mu Bcc.

Amene muli ndi mafoni mutsale pang'ono tikatseka, tiyesere limodzi kutsegula kamuvi kaja.