Funso lililonse likhale ndi nambala yake

Ine lero ndiyankhula za kalembedwe ka makalata amene timatumiza ku wailesi kuti alangizi a zaulimi kapena a zaumoyo atiyankhe.

Nthawi zambiri timati tafunsa zinthu zinayi, atiyankha chimodzi chokha. Tiganizire za munthu amene akuwerenga kalatayo. Mlangizi wachoka ku munda, walowa mu situdiyo, muulutsi wamupatsa mulu wa makalata. Yathu ili ndi moni, mbiri ya mvula, madandaulo, ndipo mafunso abisala mkati ngati nyemba m'makoko. Iye amangogwira funso lomaliza, poti ndi limene likadali m'mutu mwake, enawo n'kutsala.

Mankhwala ake ndi kugawa kalata pawiri. Zimene tikumuuza tizilemba m'mizere ifupiifupi, mzere uliwonse woyamba ndi kadontho. Zimene tikumufunsa tizipatsa manambala. Kadontho kakuti "dziwani ichi", nambala ikuti "yankhani ichi". Mukaika manambala paliponse, woyankha sadziwanso pamene akufunika kuyankhapo.

Tiyerekeze ndi ntchemberezandonda, mbozi zija zinafika kuno ku Mozambiki mu 2017. Wina angalembe kuti: "Chimanga chathu chatha ndi mbozi, tathira mankhwala koma sizikufa, kodi titani ndipo mankhwala abwino ali kuti, nanga mtengo wake?" Kalata yomweyo, tikatha kupereka moni, ingalembedwe motere:

Zimene taona:
• Tinabzala pa 5 Disembala, chimanga chafika m'mawondo.
• Pa mapesi 50 amene tawerenga, 18 ali ndi masamba obooka ndi ndowe zonga utuchi.
• Tinapopera kamodzi masana, masiku 6 apitawo.
• Mbozi zikadalipo, zabisala m'kati mwa nsonga.

Mafunso:
1. Kodi tipoperenso sabata ino, inde kapena ayi?
2. Nthawi yabwino yopopera ndi iti?
3. Dzina la mankhwala oyenera ndi chiyani?
4. Tithire mlingo wanji m'malita 16 a madzi?

Taonani, mzere uliwonse wa kadontho uli ndi ntchito. Mlangizi akamva kuti "masana" ndi "m'kati mwa nsonga" wapeza kale poyambira, chifukwa mbozi zimenezi dzuwa likatentha zimabisala m'nsonga, ndipo mankhwala ongogwera pamwamba pa masamba sazipeza. Mawu oti "chimanga chatha" sakanamuuza zimenezo.

Tsono lamulo lalikulu ndi ili: nambala imodzi, funso limodzi. Mukaona "ndipo", "komanso" kapena "nanga" pakati pa funso, dziwani kuti muli mafunso awiri, adulenipo. Mlembi awerenge funsolo mokweza pa msonkhano, wina ayese kuliyankha. Ngati ayamba wafunsa kuti "mukutanthauza chiyani?", funsolo silinapse. "Titani?" ndi funso lotambalala kwambiri, yankho lake limakhalanso lotambalala: "samalani minda yanu." Funsani zofuna tsiku, dzina, mlingo, kapena inde ndi ayi.

Mafunso asapitirire anayi kapena asanu, ndipo lofulumira likhale loyamba. Nthawi ya pulogalamu ikatha ali pa lachitatu, bola lalikulu layankhidwa. Kumbukiraninso kuti timadontho sitimveka pa wailesi, koma nambala imamveka. Muulutsi amati "funso lachiwiri", ndipo gogo amene sadziwa kuwerenga amatha kutsatira ndi zala. Pa foni wamba uthenga umodzi umakwana zilembo 160, choncho kumeneko tumizani mafunso awiri okha, aliyense ndi nambala yake.

Ntchito sithera potumiza. Mlembi asunge kope la kalatayo. Tsiku la pulogalamu akhale nalo pafupi ndi wailesi, azichonga nambala iliyonse imene yayankhidwa. Ngati lachinayi ladumphidwa, tilembenso mwaulemu kuti "tathokoza pa 1, 2 ndi 3, latsala la 4", osasintha nambala yake. Funso la mlingo likatsala, anthu amathira mongoyerekeza. Akachepetsa, mbozi sizifa ndipo ndalama zapita. Akachulutsa, aika chiswe pa thanzi la wopopera.

Njirayi ili ndi malire ake. Kalata yopepesa maliro, kapena yokadandaula kwa amfumu za malire a munda, siyenda ndi timadontho. Imafuna mawu athunthu ofotokoza zifukwa. Ngakhale m'kalata ya mafunso, moni ndi zikomo zisasowe.

Pempho langa ndi lakuti kalata yotsatira ya kalabu tiilembe chonchi, mlembi abwere ndi kope ndi cholembera, ndipo tidzawerenge limodzi kuti manambala angati ayankhidwa.