Chifukwa Chake Mipopi Imauma Magetsi Akazima mu Lilongwe

 Pamene tinkachoka kuno ku Chiwamba, ambirife tinkayesa kuti m'tauni mtsuko tausiya kumudzi. Lero ndine wa m'boma, komabe ndimadzuka usiku kukatchera madzi pampopi. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake.

Madzi a mumzinda wa Lilongwe amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili ku Dzalanyama. Amasungidwa ku Malingunde m'madamu awiri a Kamuzu, loyamba la mu 1966 ndi lachiwiri la mu 1989. Akayeretsedwa, amapopedwa ndi makina kupita m'mathanki a pamtunda, ndipo kuchokera m'menemo amatsika okha kulowa m'nyumba. Makinawo amayendera magetsi, amene ambiri amachokera kutali pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri mpaka malowo adakonzedwa mu 2023.

Tsono magetsi akazima, thanki imayamba kutsika. Oyamba kuuma ndi a pachitunda ndi a kumapeto kwa paipi, ndipo omwewonso ndiwo omaliza kulandira, pakuti madzi amayamba adzaza mapaipi a kunsi. Usiku anthu ambiri akatseka mipopi mphamvu imakwera, nchifukwa chake kwathu amafika tambala woyamba asanalire. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 980,000 mumzindawu, ndipo ambiri ali m'madera ngati Mtandire, Chinsapo ndi Mgona, kumene nyumba zidatsogola, mapaipi nkutsatira pambuyo. Kumeneko ambiri amagula madzi pakiyosiki.

Kwathu tilipo asanu ndi mmodzi. Mgolo wa malita 200 ndi zigubu khumi za malita 20. Tikasamala, zigubu zisanu zimatikwanira patsiku, ndiye kuti mgolowo ndi wa masiku awiri basi. Mpopi ukayamba kutsokomola mpweya timadziwa kuti madzi ali pafupi. Oyamba amabwera ofiira. Amenewo ngothira kuchimbudzi. Tsiku lachitatu likafika, anzathu ena amathamangira kuzitsime zosazama zoyandikana ndi zimbudzi. Mukukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023. Madzi otero awiritseni kapena athireni klorini.

Chondiwawa nchakuti magetsi akazima timakoleza mbaula, ndipo makala ambiri amachokera ku Dzalanyama komweko. Mitengo ikatha, dothi limakokolokera m'damu, malo osungira madzi nkumachepa. Nsima ya lero tikuiphikira madzi a mawa.

Achinyamata amene mukufuna nyumba ya lendi m'tauni, musafunse mtengo wokha. Pitani masana, tsegulani mpopi, ndipo muone ngati pakhomopo pali migolo yambiri. Migoloyo idzakuuzani zimene mwini nyumba sanganene.